Kusiya munthu m'nyumba ya lendi: kalata yopita kwa eni nyumba

Nyumba yabwino ya lendi sipezeka msanga m'matauni mwathu. Munthu akapeza yokhala ndi madzi a m'nyumba, mita yakeyake ya magetsi, mpanda komanso lendi yopiririka, saitaya wamba. Ndiye ikabwera nkhani yoti achoke kwa miyezi ingapo, kaya akupita kusukulu, kaya ntchito yamutumiza kwina, kaya akukadwazika kholo kumudzi, maganizo amene amafika msanga ndi oti apeze munthu woti alowemo, azilipira, iye pobwera adzaipeze nyumbayo ili m'manja mwake. Ambiri amachita zimenezi mwakachetechete. Eni nyumba akadabwa ndi nkhope yachilendo pakhomo, yankho limakhala lakuti, "Ndi alamu anga, akungosunga nyumba."

Bodza limeneli silikhalitsa. Oyandikana nawo amaona katundu akutsitsidwa m'lole, ana achilendo akupita kusukulu kuchokera pakhomopo, ndipo tsiku lina wolowayo amadandaula yekha kwa eni nyumba kuti, "Ine lendi ndimalipira, bwanji denga likudontha?" Apa mwini nyumba amakhala ndi chifukwa chomveka chothetsera mgwirizano, ndipo anthu awiri amataya pokhala nthawi imodzi. Njira yabwino ndi kupempha chilolezo ndi kalata, munthu wanuyo asanalowe.

Kuti nkhani imveke bwino, tiyerekeze ndi mphunzitsi wina, mayi, amene akukhala m'nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Eriya 25 mumzinda wa Lilongwe. Lendi ndi K180,000 pamwezi, ndipo amalipira ya miyezi itatu nthawi imodzi, K540,000. Mgwirizano wake ndi eni nyumba udzatha pa 31 Ogasiti chaka chamawa. Wapeza mwayi wokaphunzira ku Mzuzu kuyambira Sepitembala mpaka Juni, miyezi khumi. Akufuna kutsekera katundu wake m'chipinda chimodzi, ndipo nyumba yotsalayo alowemo namwino wina amene amapemphera naye, azipereka K150,000 pamwezi. K30,000 yotsalayo mayiyu aziwonjezera yekha. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, koma mavuto ake ndi omwewo amene amagwera anthu.

Chinthu chimene mayiyu ayenera kumvetsa asanagwire cholembera ndi ichi: chilolezo cha eni nyumba sichimuchotsa iye pa mgwirizano. Pakhala migwirizano iwiri. Woyamba ndi wa pakati pa eni nyumba ndi mphunzitsi, ndipo sunasinthe. Wachiwiri ndi wa pakati pa mphunzitsi ndi namwino. Pakati pa eni nyumba ndi namwino palibe pangano lililonse. Choncho namwino akalephera kulipira, mwini nyumba sakagogoda kuchipatala kumene amagwira ntchito, adzaimbira foni ku Mzuzu. Namwino akaswa chitseko, dipoziti imene idzadulidwe ndi ya mphunzitsi. Nayenso namwino pokhala pake patsamira pa mgwirizano woyamba uja. Ali ngati dzungu lomera pa mpanda wa wina, mpanda ukagwa nalo limagwa. Mphunzitsi akasiya kulipira eni nyumba n'kuthetsa mgwirizano, kawirikawiri namwino amayenera kutuluka, ngakhale kuti iye ndalama zake ankapereka mwezi ndi mwezi.

Izi n'zosiyana ndi kusiyira nyumba kotheratu. Ngati mphunzitsi sadzabweranso, asadzimangirire pa udindo wa nyumba imene sadzagonamonso. Apereke notisi, awauze eni nyumba kuti pali munthu amene akuifuna, iwo alemberane naye mgwirizano watsopano, iye atenge dipoziti yake azipita. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Amasamukiratu, n'kusiya dzina lawo pa pepala chifukwa chofuna kuthandiza mnzawo kuti asakwezeredwe lendi, ndipo patapita zaka amadzidzimuka akufunsidwa ngongole ya munthu amene anasiya kale kulankhulana naye.

Poyambira ndi pa pepala la mgwirizano limene munasainirana polowa. Litulutseni muwerenge ndime yonena za kulowetsa munthu wina. Mapepala ena amaletsa kotheratu. Ena amati simungatero popanda chilolezo cholembedwa cha eni nyumba. Ena sanena kanthu, ndipo m'makomboni ambiri pepalalo kulibe n'komwe, anthu anangogwirizana pakamwa. Likaletsa kotheratu, kupempha sikulakwa, koma dziwani kuti mukupempha chifundo ndipo akakana nkhani yatha. Likafuna chilolezo cholembedwa, "chabwino" wa pa foni sakwanira. Likakhala chete, ine ndimati pemphanibe, chifukwa ngakhale mutakhala ndi mfundo yokapambanira kukhoti, mwini nyumba wokwiya akhoza kungokupatsani notisi kapena kukana kuwonjezera mgwirizano ukatha, ndipo nyumba imene mumaisungayo mwaitaya.

Onaninso amene mukumulembera. Ngati nyumba imayendetsedwa ndi ejenti, kalata idzere kwa iye, koma funsani ngati ali ndi mphamvu yovomereza kapena akungopereka uthenga. Ngati ndi nyumba ya masiye ndipo lendi imatoleredwa ndi mwana mmodzi, fufuzani amene banja kapena khoti linamuika kuyang'anira chumacho, kuopa kuti mawa m'bale wina angadzanene kuti sakudziwapo kanthu. Nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, ndi nkhani ina: bungweli limapereka nyumba kwa munthu amene lamulemba m'mabuku ake ndipo silifuna kuti iye aichititsenso lendi mwa yekha. Chimodzimodzi nyumba zimene munthu amapatsidwa chifukwa cha ntchito, monga za aphunzitsi pasukulu kapena za apolisi kulaini. Nawonso abale athu okhala ku Mangalande asatengere chizolowezi cha kuno, chifukwa kumeneko lamulo la mu 2013 linaika kuti kuchititsa lendi nyumba ya khonsolo mwachinyengo, iwe utasamukamo, ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo.

Tsopano kalatayo. Mwini nyumba akamaiwerenga, mumtima mwake muli mafunso atatu okha: ndani akulowa m'nyumba yanga, adzatuluka liti, nanga zinthu zikavuta ndigwira ndani? Kalata yabwino imayankha zimenezi iye asanafunse. Ya mphunzitsi uja ikhoza kukhala motere:

Okondedwa Bambo Uje,

PEMPHO LOLOWETSA MUNTHU WINA M'NYUMBA NAMBALA YAKUTI, ERIYA 25, KWA MIYEZI KHUMI

Ndine amene ndikuchita lendi m'nyumba yanu imene ndatchulayi, pa mgwirizano umene udzatha pa 31 Ogasiti chaka chamawa. Ndapeza mwayi wokaphunzira ku Mzuzu ndipo ndidzachoka kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 30 Juni. Nyumbayi ndikuifunabe. Ndikupempha chilolezo chanu kuti pa miyezi imeneyi mukhale Mayi Uje, amene azidzandipatsa K150,000 pamwezi. Chipinda chimodzi ndidzatsekeramo katundu wanga.

Mayi Uje ndi namwino pa chipatala chakuti, kumene agwira ntchito zaka zinayi. Adzakhala ndi mwana wawo mmodzi ndi mtsikana wowathandiza ntchito, onse pamodzi anthu atatu. Alibe ziweto, ali ndi galimoto imodzi, ndipo sadzachitira bizinesi iliyonse pakhomopo. Ndaphatikiza fotokope ya chiphaso chawo cha unzika, kalata ya kuntchito kwawo ndi nambala ya foni ya eni nyumba imene akuchokamo. Zonsezi ndapereka iwo atavomera. Ali okonzeka kudzaonana nanu tsiku limene mungasankhe.

Ndikutsimikiza kuti mgwirizano wa inu ndi ine sukusintha. Lendi ya K180,000 pamwezi ndizilipira ndine, miyezi itatuitatu monga mwa nthawi zonse, kaya Mayi Uje andipatsa kaya ayi. Bilu ya madzi ndi chilichonse chimene chingawonongeke chifukwa cha iwo kapena alendo awo chili pa ine. Sadzaloledwa kulowetsa munthu wina, kusintha maloko kapena kumanga chilichonse. Akaphwanya malamulo a nyumbayi, mundiuze ndipo ndidzawapatsa notisi ya mwezi umodzi. Adzatuluka pofika pa 30 Juni.

Pa nthawi imene kulibe, mudzandipeza pa nambala yanga yomweyi. Pa zofunika munthu kufika pakhomo, achimwene anga a ku Eriya 49, amene nambala yawo ndi iyi, adzaimirira m'malo mwanga.

Ngati mwavomera, chonde sainani m'munsimu pa makalata onse awiri, imodzi musunge, ina mundibwezere. Ndingathokoze nditamva yankho lanu pofika pa 31 Julaye.

Ndine wanu, Uje.

Pansi pake pakhale mzere wakuti "Ndavomera pempho ili monga lalembedwera", malo a dzina, siginecha ndi tsiku, komanso malo a mboni.

Taonani kuti kalatayi yanena poyera kuti namwino azilipira, ndiponso ndalama zake. Ena amabisa pamenepa poopa kuti mwini nyumba aganiza kuti akumudyera. Koma chimene chimapsetsa mtima eni nyumba kwambiri ndi kudzamva kwa ena kuti nyumba imene iwo amalandira K180,000, wina akutolerapo K250,000. Mphunzitsiyu akulandira yochepera pa imene akupereka, ndipo kunena zimenezi kukumuthandiza. Ngati inu mukufuna kulipiritsa yoposa chifukwa mukusiyamo mipando, firiji ndi mabedi, nenani chomwecho ndi chifukwa chake. Akhoza kukana kapena kufuna gawo, komabe ndi bwino kukambirana zimenezi muli pamaso kusiyana ndi kudzazimva pa foni muli kutali.

Taonaninso masiku. Namwino akutuluka pa 30 Juni, miyezi iwiri mgwirizano waukulu usanathe. Munthu sangapereke kwa mnzake nthawi yoposa imene iye ali nayo, choncho tsiku lotulukira wolowayo lisapitirire tsiku lothera mgwirizano wanu, ndipo ndi bwino kusiya mpata. Mawu oti "mpaka ndidzabwere" asalowe m'kalata. Mwini nyumba sangawawerenge pa kalendala, ndipo wolowayo akhoza kuwamva monga afunira.

Pa mbiri ya wolowayo ndi pamene anthu amachita ulesi, pomwe mwini nyumba amayang'anitsitsa pomwepo. Kulemba kuti "ndi munthu wabwino, wopemphera" sikumuuza kanthu. Akufuna zinthu zimene angathe kuzitsimikiza yekha. Chiyambire kalembera wa mu 2017, Amalawi ambiri a zaka 16 kupita m'tsogolo ali ndi chiphaso cha unzika, ndiye palibe chifukwa cholowetsera munthu wongodziwika ndi dzina la mwana wake. Onani chiphaso chenichenicho ndi maso anu, mufananize nkhope ndi dzina lisanapite ku fotokope. Ngati ndi wochokera kunja, onani pasipoti ndi chilolezo chake chokhalira m'dziko muno, ndipo muonetsetse kuti masiku ake sakuthera pakati pa miyezi imene mwagwirizana. Mapepala amenewa ndi a mwini wake. Mupempheni kaye musanawapereke kwa wina, ndipo musawatumize pa gulu la anthu ambiri pa foni.

Umboni woposa onse ndi wa eni nyumba imene munthuyo akuchokamo. Aimbireni nokha musanalembe kalata. Afunseni ngati ankalipira pa nthawi yake, chifukwa chimene akuchokera, ndiponso ngati angamulandirenso. Munthu amene akuzemba kupereka nambala imeneyi, kapena akuumirira kulowa sabata yomweyo asanaonane ndi mwini nyumba, kapena akupempha kuti dipoziti adzapereke "zinthu zikayenda", wakuonetsani kale mmene miyezi khumiyo idzakhalire. Chiwerengero cha anthu nachonso chilembedwe ndithu. Kwa mwini nyumba, anthu atatu ndi anthu asanu ndi atatu ndi nkhani ya thanki ya chimbudzi kudzaza msanga, penti kuda ndi madandaulo a oyandikana nawo, makamaka ngati mpanda ndi umodzi kapena mita ya madzi ndi yogawana.

Ndime ya chitsimikizo ndi imene imatsegula mtima wa eni nyumba, koma musalembe mawu amenewa mongokometsera kalata. Awerengereni mtengo wake. Eni nyumba amafuna K540,000 nthawi imodzi, pomwe namwino azipereka K150,000 mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti pa 1 Sepitembala mphunzitsi atulutse yonse ya miyezi itatu m'thumba mwake, ndipo pa 1 Disembala adzakhala atatolera K450,000 yokha, awonjezerepo K90,000. Izi zili choncho zonse zikamayenda bwino. Nanga zikavuta? Tinene kuti namwino wasamutsidwa mwadzidzidzi, wachoka osalipira miyezi iwiri, wasiya bilu ya madzi ya K45,000 ndi chitseko chothyoka chofuna K60,000. Lendi yosalipidwa ndi K300,000, zonse pamodzi K405,000. Ngati mphunzitsi anatenga dipoziti ya mwezi umodzi, K150,000, yotsala K255,000 ndi yake, ali pasukulu, ndipo nyumba ili yopanda munthu pomwe lendi ikuwerengabe. Amene sangathe kusenza ndalama yotereyi aganize kawiri, mwina kubweza nyumba n'kusungitsa katundu kwa abale n'kumene kungamupepukire.

N'chifukwa chake mgwirizano wachiwiri uja, wa inu ndi wolowayo, uyenera kulembedwa ngakhale ali mnzanu wa kutchalitchi kapena msuweni. Ukhale ndi lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti, tsiku lotulukira, notisi ya mbali zonse ziwiri, ndi malamulo onse a mgwirizano waukulu, amene ayenera kuwawerenga yekha. Tsiku lake lolipira likhale patsogolo pa lanu ndi masiku angapo. Muikemonso zimene zidzachitike eni nyumba akakweza lendi pakatikati, chifukwa ndi mmene mitengo ikukwerera masiku ano, miyezi khumi ndi yaitali. Popanda ndime imeneyi, kukwera konseko kudzagwera inu.

Eni nyumba ena amati, "Ndalama azingondipatsa ineyo mwachindunji." Zimaoneka zophweka, koma zili ndi mbuna ziwiri. Yoyamba ndi yakuti inu muli kutali simudziwa ngati yalipidwa, mumadzamva ngongole itakwana miyezi itatu. Yachiwiri ndi yakuti mwini nyumba akazolowera kulandira ndalama m'manja mwa wolowayo, n'kumamulembera malisiti m'dzina lake, pobwera inu mukhoza kupeza awiriwo akuonana ngati landilodi ndi tenanti, inu mwasanduka mlendo. Ngati mwavomera njira imeneyi, kalata inene kuti wolowayo akulipira m'malo mwanu, lisiti lizituluka m'dzina lanu, ndipo chithunzi chake muzilandira tsiku lomwelo. Kulipira kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuli bwino kuposa ndalama ya m'manja, popeza uthenga wake umasonyeza tsiku ndi kuchuluka kwake.

Madzi ndi magetsi ndi zazing'ono koma zimadanitsa. Kumene kuli mita ya ESCOM yogulira mayunitsi, nkhani ndi yapafupi, wogwiritsa ntchito ndiye amagula. Chofunika kumuuza wolowayo n'chakuti asayerekeze kulumikiza magetsi mozembetsa mita, chifukwa chilango chake chidzafika pa nyumbayo ndi pa inu amene munasaina kuti zonse zili pa inu. Madzi a mita yolipira pambuyo ndiwo amabisa ngongole. Pa tsiku lolowa, werengani mita nonse awiri, muijambule, mulembe manambala ake pa mgwirizano, ndipo bilu yakale muimalize. Tsiku lomwelo yendani chipinda ndi chipinda, mulembe mmene zilili zitseko, magalasi a mawindo, mipopi, sinki, masoketi ndi penti, komanso chiwerengero cha makiyi. Mukatha kuitana mwini nyumba kapena ejenti kuti akhalepo, mwachita bwino koposa, chifukwa mng'alu umene unalipo kale sudzaikidwa pa munthu wosalakwa.

Kalata ipite msanga, patatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti munyamuke. Kwathu kuno pepala lofika lokha limaoneka ngati mwano, makamaka kwa akuluakulu, ndiye yambani mwapita kukawaona, mufotokoze pakamwa, kenako mutulutse kalata ngati yosungira zimene mwakambirana. Akavomera pa WhatsApp chifukwa ali kutali, uthengawo usungeni, ndipo uzitchula dzina la wolowayo ndi masiku ake, osangoti "palibe vuto". Akakhala chete, musatenge ngati avomera. Akumbutseni, ndipo musalandire ndalama ya munthu kapena kumupatsa makiyi yankho lisanabwere. Akavomera ndi mfundo zowonjezera, monga dipoziti ina kapena kuti azidzayendera nyumba miyezi itatu iliyonse atapereka chidziwitso, zilembedwe pa kalata yomweyo onse asainire.

Vuto limene anthu saliganizira ndi la pa 30 Juni. Mphunzitsi wabwera ndi zikwama, namwino akuti sanapeze nyumba. Apa mtima umafuna kuchotsa chitseko, kudula madzi kapena kutulutsa katundu panja. Musatero. Kwa namwino, inu ndinu eni nyumba, ndipo kutulutsa munthu mokakamiza popanda chilolezo cha khoti kukhoza kukusandutsani wolakwa, mwinanso wolipira katundu amene adzanene kuti wasowa. Njira yake ndi kumukumbutsa ndi kalata miyezi iwiri tsikulo lisanafike, kukumbutsanso patatsala mwezi, ndipo akakanabe, kuyamba ndi mboni zanu ndi amfumu a m'deralo, zikakanika kupita kukhoti la majisitireti mutanyamula mapepala awiri aja. Wosowa ndalama ya loya akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Mpata wa miyezi iwiri umene mphunzitsi anasiya uja ndi wa nthawi ngati imeneyi, kuti mgwirizano waukulu usathe m'nyumba muli munthu amene eni nyumba anauzidwa kuti adzakhala atatuluka.

Eni nyumba akakana, funsani mwaulemu chifukwa chake, popeza nthawi zambiri chimene akana ndi munthuyo kapena chiwerengero cha anthu, osati ganizo lonse. Mukhoza kubweretsa wina, kuchepetsa miyezi, kapena kuwapempha kuti asankhe okha munthu amene amamukhulupirira. Mukhozanso kupempha kuti mukhale m'bale wosalipira wongoyang'anira nyumba, lendi yonse muzipereka nokha, koma naye dzina lake lilembedwe ndipo zikhale zoona kuti salipira. Zonsezi zikakanika, perekani notisi monga mgwirizano ukunenera, muyendere nyumba pamodzi ndi eni ake, mutenge dipoziti yanu, ndipo muwapemphe kalata yochitira umboni kuti munkalipira bwino, yoti mudzaonetse pofuna nyumba ina mukadzabwera.